Adina ambiri, agula ochepa: zimene nambala ya CTR sinena

Pa 27 Okutobala 1994, magazini ya pa intaneti ya ku America yotchedwa HotWired inaika kachithunzi kopingasa pamwamba pa tsamba lake. Kanali kotsatsa kampani ya matelefoni ya AT&T, ndipo sikankanena zambiri, kankangokopa wowerenga kuti adinepo. Anthu anadinadi. Amene analemba mbiri ya kachithunziko amati pa anthu 100 aliwonse amene anakaona, 44 anadina. Chinali chinthu chachilendo, ndipo aliyense ankafuna kuona chimene chili kuseri kwake.

Lero zithunzi zotsatsa za mtundu umenewu zadzaza paliponse, ndipo maso a anthu anazolowera kuzilumpha. Chithunzi choterocho chikhoza kuoneka ka 1,000 n'kudinidwa kamodzi kapena kawiri basi. Komabe chizolowezi chimene chinayamba nthawi imeneyo sichinathe. Wotsatsa malonda akatsegula lipoti lake, diso limathamangira pa nambala yosonyeza kuti adina ndi angati. Nambalayo imalembedwa ndi zilembo zitatu, `CTR`, ndipo mwini shopu wa ku Limbe kapena ku Mzuzu amene analipirapo Facebook kuti positi yake ifike patali anaionapo. Ikakwera mtima umakhala m'malo. Vuto n'lakuti ikhoza kukwera mpaka kumwamba katundu ali phee pa shelefu.

Mmene imawerengedwera

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Pali manambala awiri. Yoyamba ndi ya maulendo amene uthenga wotsatsa waonekera pa foni kapena pa kompyuta, ndipo pa lipoti imalembedwa kuti `Impressions`. Yachiwiri ndi ya maulendo amene wina wadina uthengawo, `Clicks`. Yachiwiriyo imagawidwa ndi yoyamba, kenako n'kuchulukitsa ndi 100.

```
CTR = Clicks ÷ Impressions × 100
```

Uthenga umene waoneka ka 10,000 n'kudinidwa ka 200 uli ndi CTR ya 2 peresenti. Apa pali kanthu kamene ambiri amaphonya: zimene zikuwerengedwa ndi maulendo, osati anthu. Mayi mmodzi amene waona uthengawo kasanu pa sabata wawerengedwa kasanu. Kuti munthu adziwe chiwerengero cha anthu enieni ayenera kuyang'ana pa `Reach`.

Pa Facebook pali msampha wina. Lipoti la mu `Ads Manager` lili ndi ma CTR awiri. Yolembedwa kuti `CTR (all)` imaphatikiza kudina kwa mtundu uliwonse: amene wakulitsa chithunzi kuti achione bwino, amene wadina dzina la peji, amene wasonyeza kuti wakonda positiyo. Inayo, `CTR (link click-through rate)`, imawerenga okhawo amene adina linki. Yoyambayo imakhala yaikulu, nthawi zina kuwirikiza kangapo, ndipo ndi imene wogwira ntchito yotsatsa wosakhulupirika amathamangira kuonetsa bwana wake. Aliyense amene wauzidwa kuti CTR yake yafika 6 peresenti ali ndi ufulu wofunsa kuti ndi iti mwa ziwirizi.

Ngakhale itakhala yolondolayo, nambalayi imayankha funso limodzi lokha: kodi uthengawu unachititsa chala kugunda pa sikirini? Zimene zinachitika chala chitagunda, CTR sizidziwa.

Mauthenga awiri, ndalama zofanana

Tiyerekeze mayi wina wa ku Lilongwe amene amagulitsa zipangizo za sola za pakhomo: panelo, batire ndi mababu anayi. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino. Seti imodzi amagulitsa K180,000, ndipo akachotsa zimene anaodera ndi thiransipoti amatsala ndi K30,000. Ali ndi katsamba ka pa intaneti kosonyeza katunduyo, kokhala ndi batani lotumizira uthenga pa WhatsApp. Wakonza mauthenga awiri otsatsa, ndipo uliwonse waupatsa K60,000.

Woyamba uli ndi chithunzi cha nyumba yowala usiku pakati pa nyumba zamdima, ndi mawu akuti banja ili linaiwala za kuzimazima kwa magetsi, dinani muone chinsinsi chake. Mtengo palibe, malo a shopu palibe, ndipo waulola kuti uoneke dziko lonse. Wachiwiri ndi wopanda zokometsera: chithunzi cha katundu yense ali pa tebulo, mtengo wa K180,000 wolembedwa moonekera, dera limene shopu ili, ndi mawu akuti kulipira ndi pa Airtel Money kapena Mpamba. Uwu wauika kuti uoneke kwa anthu a mu Lilongwe okha.

Patatha masabata awiri, uthenga woyamba waoneka ka 50,000 ndipo wadinidwa ka 2,000. CTR yake ndi 4 peresenti, ndipo kudina kulikonse kwamudyera K30 yokha. Wachiwiri waoneka ka 30,000 n'kudinidwa ka 240. CTR ndi 0.8 peresenti, ndipo kudina kumodzi kwakwana K250. Munthu woyang'ana manambala awa okha azimitsa wachiwiriwo tsiku lomwelo n'kusamutsira ndalama zonse kwa woyamba.

Koma tiwatsatire anthu odinawo. Pa maulendo 2,000 aja, tsamba la mayiyu linatseguka ka 700 kokha. Mwa amene analiona, 100 anatumiza uthenga pa WhatsApp, ndipo pafupifupi onse anafunsa funso limodzi: "Zili pa bwanji?" Atamva mtengo ambiri sanayankhenso. Ena anali ku Karonga ndi ku Nsanje, kumene mayiyu satumizako katundu. Wina ankaganiza kuti ndi mpikisano wopata sola yaulere. Anagula ndi munthu mmodzi. Kasitomala ameneyu wabwera pa mtengo wa K60,000 n'kusiya phindu la K30,000, kutanthauza kuti mayiyu waluza K30,000, osawerengera maola amene anathera poyankha mafunso a anthu amene sankagula.

Pa maulendo 240 a uthenga wachiwiri, tsamba linatseguka ka 190. Anthu 72 anatumiza uthenga, ndipo mafunso awo anali ena: kodi batire limakhala maola angati, kodi likhoza kuyendetsa TV, kodi mumadzamangirira nokha? Anagula ndi anthu 6. Kasitomala aliyense wabwera pa mtengo wa K10,000. Phindu la pa katundu ndi K180,000, kuchotsapo K60,000 yotsatsira, kwatsala K120,000.

Chachitika n'chosavuta kumvetsa. Mtengo wolembedwa pa chithunzi unathamangitsa anthu amene alibe K180,000 asanadine, ndipo zimenezi zinatsitsa CTR. Koma kuthamangitsa kumeneku ndiye inali ntchito imene inkafunika. Uthenga woyamba unabisa mtengo, choncho unakoka aliyense wachidwi, ndipo ndalama zinathera pa chidwi chawocho. Nthawi zambiri chimene chimakweza CTR mosavuta, monga kubisa mtengo, kulonjeza zaulere kapena kuika chithunzi chodzidzimutsa chosagwirizana ndi katundu, n'chomwechonso chimene chimadzaza pakhomo ndi anthu osagula.

Kodi anthu 1,300 aja anasowera kuti?

Mpata wa pakati pa 2,000 ndi 700 ndi wofunika kuuyang'anitsitsa, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimadonthera mwakachetechete. Facebook imausonyeza kwa amene amadziwa pofufuza: `Link clicks` ndi odina, pamene `Landing page views` ndi amene tsamba linawatsegukiradi.

Ena mwa osowawo anadina mwangozi. Pa foni, chala chimene chikukankha nkhani kuti zitsike kapena chikufunafuna kachizindikiro kotsekera uthenga chimagunda malo olakwika kawirikawiri. Vutoli ndi lalikulu moti makampani eni ake anachitapo kanthu. Mu 2015 Google inasiya kuwerenga kudina kwa m'mphepete mwenimweni mwa zithunzi zotsatsa za pa foni, ndipo polengeza zimenezi inatchula kafukufuku wa anthu ena amene ankati mwina mpaka theka la kudina kwa pa foni limakhala langozi. Mu 2017 Facebook inalengeza kuti pa mauthenga amene imaonetsa m'mapulogalamu a makampani ena, kudzera mu `Audience Network`, sidzalipiritsanso wotsatsa ngati munthu wadina n'kubwerera pasanathe masekondi awiri. Ana amene amasewera magemu pa foni za makolo awo amathandiziranso kukweza nambalayi.

Ena anadina mwadala koma tsamba linachedwa. Kafukufuku amene Google inatulutsa mu 2016 anapeza kuti pa maulendo 100 aliwonse otsegula tsamba pa foni, 53 amasiyidwira panjira ngati tsambalo latenga masekondi oposa atatu. Kumene netiweki imavuta, tsamba lodzaza ndi zithunzi zikuluzikulu limatenga nthawi yoposa pamenepo.

Ndiye pali chifukwa china chimene wotsatsa wa ku Malawi ayenera kuchikumbukira kuposa mnzake wa ku Ulaya. Anthu ambiri amagula bandulo ya Facebook kapena ya WhatsApp yokha, chifukwa ndi yotchipa. Munthu wotere amauona uthenga bwinobwino ali pa Facebook, amadina, lipoti limamuwerenga, koma linkiyo ikamutulutsira ku tsamba lakunja bandulo yake siigwira ntchito kumeneko. Amangoona sikirini yoyera n'kubwerera. Wotsatsa amene akuona kuti odina ndi ambiri koma otsegula tsamba ndi ochepa kwambiri ayenera kuganizira zimenezi asanayambe kukayikira katundu wake. Nthawi zina mankhwala ake ndi kungolola kuti kasitomala alankhule naye pa Messenger kapena pa WhatsApp osadutsira pa tsamba lina.

Pamwamba pa zonsezi pali kudina kwachinyengo, kochitidwa ndi mapulogalamu a kompyuta kapena anthu olembedwa ganyu, pofuna kuti eni masamba amene amalandira ndalama pa kudina kulikonse apindule. Chizindikiro chake ndi tsamba limodzi losadziwika limene likubweretsa CTR yokwera modabwitsa koma osabweretsa kasitomala ngakhale mmodzi.

Odina ndi gulu lapadera

Pali mfundo ina yozama kuposa ngozi ndi chinyengo. Anthu amene amakonda kudina mauthenga otsatsa si chithunzi cha anthu onse ogula. Kampani yofufuza ya comScore, mogwirizana ndi kampani yotsatsa ya Starcom, inatulutsa mu 2009 zotsatira za kafukufuku wa ku America zosonyeza kuti pa anthu 100 aliwonse a pa intaneti, 16 okha ndi amene ankadina chithunzi chotsatsa ngakhale kamodzi pa mwezi. Chodabwitsa kwambiri chinali chakuti anthu 8 pa 100 aliwonse ndi amene ankapanga 85 peresenti ya kudina konse. Kagulu kochepa kankadina pafupifupi chilichonse, pamene unyinji wa anthu, kuphatikizapo ogula enieni, unkaona uthenga n'kupitirira, mwina n'kudzagula tsiku lina kudzera njira ina.

Izi zimakhudza kwambiri mmene makina otsatsira amagwirira ntchito masiku ano. Pokonza uthenga pa Facebook, wotsatsa amafunsidwa cholinga chake, ndipo zina mwa zosankha ndi `Traffic`, `Leads` ndi `Sales`. Akasankha `Traffic` n'kupempha kudina kochuluka, makinawo amamvera ndendende: amafunafuna anthu amene mbiri yawo imasonyeza kuti amadinadina, n'kuwaonetsa uthengawo. CTR imakwera, mtengo wa kudina umatsika, lipoti limakongola. Makinawo sananame, apereka chimene anapemphedwa. Amene akufuna mauthenga a makasitomala kapena maoda ayenera kusankha cholinga chimenecho, ndi kuvomereza kuti CTR ikhoza kutsika.

Phunziro la eBay

Wina anganene kuti basi, tisiye kuwerenga odina, tiziwerenga odina amene agula. Ndi sitepe yabwino, koma nkhani ya kampani ya eBay ikusonyeza kuti ngakhale pamenepo munthu akhoza kupusitsika.

Kwa zaka zambiri eBay inkalipira kuti munthu akalemba dzina lake pofufuza pa intaneti, uthenga wake wolipiridwa uzioneka pamwamba. Mauthenga amenewa ankaoneka ngati opambana onse. Ankadinidwa kwambiri, ndipo odinawo ankaguladi. Mu Malichi 2012 kampaniyo inawazimitsa pa Yahoo! ndi pa MSN n'kuwasiya akuyaka pa Google, ndipo akatswiri a zachuma atatu amene ankagwira nayo ntchito, Thomas Blake, Chris Nosko ndi Steven Tadelis, anayerekezera zotsatira. Anapeza kuti pafupifupi anthu onse, 99.5 peresenti, anafikabe pa eBay. Anangodina linki yaulere imene inali m'munsi mwa malo a uthenga wolipiridwa uja. Munthu amene walemba yekha dzina la shopu ndiye kuti ali kale pa ulendo wopita ku shopuyo.

Zikufanana ndi woitanira minibasi amene waima pakhomo penipeni pa galimoto, n'kumalandira ndalama pa munthu aliyense wokwera, kuphatikizapo amene anachoka kunyumba atadziwa kale minibasi imene akwere.

Akatswiriwo sanalekere pomwepo. Anazimitsanso mauthenga a mawu ena ofufuzira, osakhudza dzina la kampani, m'madera pafupifupi 30 pa 100 aliwonse a ku America kwa masiku 60. Malonda anatsika pang'ono kwambiri, moti ndalama zotsatsira zinkaposa zimene zinkabwera chifukwa cha kutsatsako. Mauthengawo ankagwira ntchito pa anthu atsopano ndi amene sankagula kawirikawiri, koma ndalama zambiri zinkathera pa makasitomala akale amene akanabwera okha. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2015 m'magazini ya akatswiri a zachuma ya Econometrica.

Pamafunika kusamala pogwiritsa ntchito phunziro limeneli. eBay ndi dzina lodziwika ku America konse, pamene shopu ya sola ya ku Lilongwe imene yangotsegulidwa kumene ilibe gulu la makasitomala akale oti angabwere okha. Kwa iyo kutsatsa kukhoza kukhala njira yokhayo yodziwikira. Koma ikakula n'kuyamba kuonetsa mauthenga ake kwa anthu amene amatsatira kale peji yake, CTR idzakwera chifukwa anthuwo amaidziwa, ndipo funso la eBay lidzayamba kuikhudza.

Pamene CTR imathandiza

Si kuti nambalayi ndi yachabechabe. Mayi wa sola uja akakhala ndi zithunzi ziwiri za katundu yemweyo, mtengo womwewo wolembedwa pa zonse, zikuonetsedwa kwa anthu a dera lomwelo, ndiye kuti CTR ikhoza kumuuza chithunzi chimene chikukoka maso kwambiri. Ikayamba kutsika pa uthenga umene wakhala ukuyenda bwino, kawirikawiri ndiye kuti anthu omwewo auona kambirimbiri ndipo atopa nawo. Pa Google, kuyembekezeka kwa kudina ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimaganiziridwa poika mauthenga pamndandanda, choncho uthenga umene sudinidwa n'komwe umatha kulipira zambiri kuti uoneke.

Chimene sichithandiza ndi kuyerekezera ma CTR a malo osiyana. Munthu amene walemba yekha pa Google kuti akufuna panelo ya sola ali kale ndi cholinga, ndipo amadina mosavuta kuposa amene uthenga wamupeza akuonera zithunzi za ukwati wa mnzake. Kuika manambala awiriwa pa sikelo imodzi n'kusokoneza zinthu.

Zoyenera kuwerenga m'malo mwake

Ntchito imayamba ndalama isanatuluke. Wotsatsa ayenera kudziwa phindu limene amapeza pa kasitomala mmodzi, chifukwa ndilo malire ake. Kwa mayi uja malirewo ndi K30,000: kasitomala wobwera pa mtengo woposa pamenepo akumudyera mpamba, pokhapokha ngati ali wodzabweranso kudzagula zina. Kenako amatsatira ulendo wonse, kuyambira pa odina, otsegula tsamba, otumiza uthenga, mpaka olipira, n'kuona pamene anthu akugwera ambiri. Akagwera pakati pa kudina ndi kutsegula tsamba, vuto ndi tsambalo, bandulo kapena kudina kwangozi. Akagwera atangomva mtengo, ndiye kuti uthengawo unalonjeza zina kapena unafika kwa anthu olakwika. Akagwera atafunsa mafunso anzeru, mwina mayankho akuchedwa, pakuti kasitomala amene wadikira tsiku lathunthu amakhala atapita kale kwina.

Malonda ambiri a kuno amathera pa WhatsApp, pa foni kapena pa kauntala, kumene lipoti la Facebook silifika. Kope wamba limatseka mpata umenewu. Wogula aliyense afunsidwe kuti anamva kuti za shopuyo, ndipo yankho lilembedwe pambali pa zimene wagula. Ena amaika kamawu kosiyana pa uthenga uliwonse kuti kasitomala akatchule pogula. Manambala akakhala ang'onoang'ono ngati a mayi uja, wogula mmodzi kuyerekeza ndi 6, ndi bwino kubwereza kuyesako kanthawi kena asanagamule, chifukwa mwayi wokha ukhoza kusuntha manambala otere.

Mayeso a eBay nawonso ndi otheka kwa wamalonda wamng'ono. Amene ali ndi mashopu awiri, mwachitsanzo ku Zomba ndi ku Mangochi, akhoza kuzimitsa kutsatsa kwa dera limodzi kwa masabata angapo n'kuona ngati malonda a kumeneko atsika poyerekeza ndi a dera linalo. Wa shopu imodzi akhoza kusinthanitsa, masabata awiri kuyatsa, masabata awiri kuzimitsa, kangapo konse. Chofunika kusamala ndi kalendala: sabata ya malipiro a kumapeto kwa mwezi siingayerekezeredwe ndi ya pakati pa mwezi, ndipo miyezi imene alimi agulitsa fodya kapena soya siifanana ndi Januwale, pamene ndalama zonse zapita ku fizi ndi feteleza. Nthawi zoyatsa ndi zozimitsa ziyenera kugawana masabata abwino ndi ovuta mofanana.